Tizilombo totsala mu mkaka wa m'pepala: kuchokera m'chipanda cha Angoni kufika pa golosale ya kwa Kanduku

Kwa Kanduku, m'boma la Mwanza, munthu aliyense amene anakulira pafupi ndi khola amadziwa zimene mkaka umachita ukagona. Wokamidwa lero, mawa wasasa, mkuja wagwirana, ndipo anthu amadyera nsima popanda nkhawa. Mkaka wa m'pepala wochokera ku fakitale ku Blantyre ukagona kunja kwa firiji suyenda njira imeneyo. Umawawa, umanunkha moipa, nthawi zina pepala limafufuma, ndipo palibe amene angaudyere nsima. Apa mpamene anthu amadabwa. Suja amati mkaka umenewu anauphera tizilombo ku fakitale? Nanga chikuuwononga n'chiyani?

Yankho lake ndi lakuti mkaka wotenthetsedwa mwa njira ya Pasteur umakhalabe ndi mabakiteriya amoyo, ndipo sikuti a fakitale amalakwitsa ayi. Njirayo anaikonza dala kuti iphe tizilombo toyambitsa matenda n'kusiya tina tochepa tomwe sitivuta mkakawo ukamazizira. Kuti timvetse chifukwa chake anaikonza motero, komanso kuti tidziwe pamene totsalato timasanduka vuto, tiyenera kutsata mbiri ya mkaka kuyambira kale mafakitale asanabwere.

Chipanda cha Angoni

Ufumu wa Kanduku ndi wa Angoni a kwa Maseko, anthu amene makolo awo anachoka kumwera kwa Afirika cha m'ma 1820, naoloka Zambezi, nafika mpaka ku Songea m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, kenako nabwerera kudzakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870. Ng'ombe ndizo zinali chuma chawo, ndipo mkaka ankaudya kwambiri uli wosasa, amasi aja, omwe ambiri lero timangoti chambiko. Anyamata abusa akakama, mkaka unkathiridwa m'chipanda chomwe chinali kale ndi zotsalira za dzulo, n'kuusiya kuti ugone.

Makolo aja sankadziwa za mabakiteriya, koma ankawaweta ngati mmene ankawetera ng'ombe. M'chipanda chakale mumakhala mabakiteriya amene amadya shuga wa mu mkaka n'kutulutsa asidi. Akachuluka, mkaka umasasa, ndipo pa muyezo wa pH umatsika kuchoka pa 6.7 kufika cha pa 4.6, pomwe umagwirana n'kulekana ndi madzi ake. Asidi ameneyu ndiye mlonda. Tizilombo tambiri towoletsa chakudya sitikula bwino pamalo osasa chotere, motero mkaka womwe ukanawola pa tsiku limodzi unkadyeka masiku angapo popanda moto ndiponso popanda firiji.

Komabe njira imeneyi inali ndi malire ake. Ng'ombe ikakhala ndi chifuwa chachikulu, kapena matenda aja oichititsa kutaya bere, tizilombo ta matendawo timatha kutulukira mu mkaka, ndipo kusasa sikutitha tonse. Timatha kukhalabe amoyo mu chambiko kwa masiku. Pamudzi, vuto lotere linkathera m'banja limodzi lomwe linkadya za khola limodzi. Linakula pamene mizinda inakula, mkaka wa makola mazanamazana n'kuyamba kuthiridwa m'thanki imodzi, ndipo izi zinayamba kuoneka ku Ulaya ndi ku Amereka.

Vinyo anatsogola, mkaka unatsatira

Louis Pasteur, wasayansi wa ku France amene anabadwa mu 1822, sanayambire pa mkaka. Amene ankadandaula kwa iye anali opanga vinyo, chifukwa vinyo wawo ankasasa ndi kuwawa asanafike kwa ogula. Atafufuza cha m'ma 1864, anaona kuti owononga ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo anapeza kuti kutenthetsa vinyoyo pa madigiri apakati pa 50 ndi 60 kwa kanthawi kunali kokwanira kuti asungike. Njirayi anailembetsa ku boma mu 1865. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti Pasteur ankapewa kuwiritsa. Vinyo wowiritsa palibe amene akanamugula. Iye ankafuna kutentha kochepa kwambiri kumene kungagwire ntchito popanda kuwononga kakomedwe, ndipo maganizo amenewo ndi amene akulamulirabe mafakitale a mkaka mpaka lero.

Amene anaitengera njirayi ku mkaka anali ena. Mu 1886 Franz von Soxhlet wa ku Germany analimbikitsa zotenthetsa mkaka wa makanda uli m'mabotolo. Ku New York, kumene ana ankafa ambiri nthawi yotentha chifukwa cha kutsegula m'mimba, wamalonda wina wolemera, Nathan Straus, anatsegula mu 1893 malo ogawirako mkaka wotenthetsedwa kwa mabanja osauka. Mu 1908 mzinda wa Chicago unaika lamulo lokakamiza kutenthetsa mkaka wogulitsidwa mumzindamo, ndipo mizinda ina inatsatira. Otsutsa analipo ambiri. Ena ankati njirayi ingobisa uve wa alimi osasamala, ndipo monga tionere kutsogoloku, mantha awo sanali opanda pake.

Manambala awiri ndi kumene anachokera

Lero fakitale iliyonse imatsata imodzi mwa njira ziwiri. Yoyamba ndi kufikitsa mkaka pa madigiri 63 n'kuusunga pomwepo kwa mphindi 30, uli m'thanki, uku akuutakasa. Yachiwiri, yomwe mafakitale akuluakulu amagwiritsa ntchito, ndi kuudutsitsa pakati pa timalata totentha mpaka ufike madigiri 72, n'kukhala pomwepo masekondi 15 okha ukuyenda m'paipi, kenako n'kuuziziritsa msangamsanga kufika pa madigiri 4 kapena 5. Manambala amenewa sanangowatola. Lililonse linabwera chifukwa cha matenda enaake.

Oyamba anali chifuwa chachikulu. Robert Koch, amene anatulukira kachilombo ka matendawa mu 1882, anauza msonkhano wa ku London mu 1901 kuti chifuwa cha ng'ombe sichoopsa kwenikweni kwa anthu. Boma la Britain linakhazikitsa bungwe lofufuza nkhaniyi, ndipo patatha zaka 10 linatsimikiza kuti Koch anaphonya: ana ankatengadi matendawa kudzera mu mkaka, makamaka a m'mimba, a m'mafupa ndi a zotupa za m'khosi. Popeza kachilomboka kankapirira kutentha kuposa tina tonse todziwika pa nthawiyo, akatswiri anati kutentha kumene kungaphe iko kwapha kale tinzake.

Achiwiri anali malungo aatali omwe ankasautsa asilikali a Britain pa chilumba cha Malta. David Bruce anapeza kachilombo kake mu 1887, ndipo mu 1905 dokotala wa pachilumbapo, Themistocles Zammit, anaonetsa kuti kankachokera mu mkaka wa mbuzi. Asilikali ataletsedwa kumwa mkaka wa mbuzi wosawiritsa, matendawo anachepa mwadzidzidzi. Bruce yemweyu anadzakhala kuno ku Nyasaland nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili pafupi kuyamba, akufufuza matenda a kaodzera pa phiri la Kasu m'chigawo chapakati. Mu 1918 Alice Evans wa ku Amereka anaonetsa kuti kachilombo ka ku Malta n'kapachibale ndi kaja kochititsa ng'ombe kutaya bere. Lero tonseti timatchedwa Brucella, ndipo munthu amene watitenga amamva kutentha thupi kobwerabwera, thukuta la usiku ndi kuphwanya kwa mfundo, zizindikiro zimene kuno ambiri angaziyese malungo wamba.

Kusintha komaliza kunachitika m'zaka za m'ma 1950. Ofufuza a ku California anapeza kuti Coxiella burnetii, kachilombo koyambitsa malungo otchedwa Q, kankatha kupulumuka pa madigiri 61.7 omwe ankagwiritsidwa ntchito nthawiyo. Muyezo anaukweza kufika pa madigiri 62.8, amene ambiri amangoti 63. Kusiyana kwa digiri imodzi yokha kunali kusiyana kwa mkaka wabwino ndi wodwalitsa.

Mbiri yonseyi ikuonetsa chinthu chimodzi. Funso limene akatswiri ankayankha silinali lakuti tingaphe bwanji chamoyo chilichonse mu mkaka. Linali lakuti ndi kutentha kochepa bwanji kumene kungathane ndi tizilombo ta matenda. Malamulo a zakudya a dziko lonse lapansi amafuna kuti njirayi ichepetse tizilombo totere kosachepera ka 100,000, kutanthauza kuti pa tizilombo 100,000 patsale kamodzi kapena pasatsale n'komwe. Salmonella, Listeria, Campylobacter ndi mitundu yoopsa ya E. coli zonse zimagwera m'gulu limeneli.

Amene amapulumuka

Nanga otsalawo ndi ati? Pali magulu awiri. Loyamba ndi mabakiteriya opirira kutentha mwachibadwa, monga Microbacterium, Micrococcus ndi Enterococcus. Ambiri amachokera m'zigubu, m'ndowa ndi m'mapaipi osatsukidwa bwino, momwe mkaka wakale umauma n'kukanirira. Kawirikawiri sadwalitsa munthu, ndipo pozizira sakula msanga.

Gulu lachiwiri ndi lovutirapo. Mabakiteriya a mtundu wa Bacillus, Paenibacillus ndi Clostridium akaona kuti zinthu zavuta amadzitsekera m'kanjere kolimba, n'kugona momwemo. Njere zimenezi zadzaza m'dothi, m'ndowe, m'fumbi la m'khola ndi m'zakudya za ng'ombe, ndipo zimagwera mu mkaka pokama ngati bere silinatsukidwe ndi kupukutidwa. Madigiri 72 sazikhudza, ndipo ngakhale kuwiritsa pa mbaula sikuzitha zonse. Choipanso n'chakuti kutenthako kumatha kuzidzutsa, moti zikapeza kafundidwe koyenera zimamera n'kuyamba kuswana.

Chifukwa cha magulu awiriwa, malamulo salamula kuti mkaka wotere ukhale wopanda bakiteriya n'mmodzi yemwe. Ku Amereka, mwachitsanzo, amalola mabakiteriya ofika 20,000 pa mililita imodzi ya mkaka wotenthetsedwa, koma a gulu la kolifomu, omwe amasonyeza uve wolowa pambuyo pa kutenthetsa, asapose 10. Fakitale yaukhondo imatulutsa mkaka wokhala ndi mazana ochepa kapena chikwi pa mililita.

Chomwe chimaphedwa pafupifupi chonse ndi aja a m'chipanda, osasitsa mkaka. Iwo sapirira kutentha. Apa ndiye pagona yankho la chodabwitsa chija. Mkaka wa m'pepala ukatentha, alonda opanga asidi mulibe, ndiye bwalo limatsalira odya mafuta ndi mapuloteni. Iwowa amauwawitsa ndi kuununkhitsa, ndipo Bacillus amatha kuugwiranitsa usanasase n'komwe. Mkaka wotero si chambiko ngakhale uoneke ngati chambiko. Chambiko cha ku fakitale chimapangidwa mwadala: amatenthetsa mkaka, kenako n'kuthiramo mabakiteriya osankhidwa osasitsa.

Mmene njirayi inafikira ku Malawi

Pa nthawi ya atsamunda, ng'ombe za mkaka za mitundu ya ku Ulaya zinkapezeka makamaka m'minda ya Azungu ndi ya mishoni ku mapiri a Shire, ndipo mkaka wake unkathera m'nyumba za anthu ochepa a ku Blantyre, Limbe ndi Zomba. Zinthu zinasintha dziko litalandira ufulu. Fakitale yotenthetsa mkaka ya boma inatsegulidwa ku Blantyre mu 1969, ina ku Lilongwe mu 1973, ina ku Mzuzu mu 1974, ndipo alimi ang'onoang'ono anayamba kulandira ng'ombe zobadwa pophatikiza za makolo ndi za Friesian. Lamulo loyendetsa za mkaka linakhazikitsidwa mu 1971, ndipo bungwe loona za miyezo ya katundu, Malawi Bureau of Standards, linabadwa mu 1972.

Popeza mlimi mmodzi sangatengere malita ake ochepa ku fakitale tsiku ndi tsiku, alimi anapanga magulu osonkhanitsa mkaka, gulu lililonse ndi thanki yake yoziziritsira. Magulu a kumwera anagwirizana mu 1985 kupanga Shire Highlands Milk Producers Association, ndipo mpaka lero mkaka wambiri wa dziko lino umachokera ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi Blantyre. Mafakitale a boma aja, omwe anadzakhala pansi pa Malawi Dairy Industries, anagulitsidwa kwa amalonda kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ya ku Blantyre n'kukhala Dairibord Malawi.

Pa gulu la alimi ndi pomwe nkhondo ya mabakiteriya imayambira. Mlimi akafika ndi chigubu chake m'mawa, wolandira mkaka amayamba waununkhiza ndi kuuyang'ana. Kenako amatapa pang'ono n'kusakaniza ndi sipiriti wa mlingo wofanana. Ukapanga timibulu, ndiye kuti wayamba kusasa kapena ng'ombe ili ndi kutupa kwa bere, ndipo amaubweza. Amaviikamonso lakitomita kuti aone ngati mwathiridwa madzi. Madzi othiramowo samangobera fakitale, amabweretsanso tizilombo ta pachitsime kapena pamtsinje. Wolandiridwa umalowa m'thanki kuti uzizire kufika pa madigiri 4 kudikira galimoto ya fakitale.

Aja ankatsutsa ku Chicago ankaopa kuti kutenthetsa kubisa uve. Zoona zake n'zakuti sikungaubise wonse. Njirayi imapha gawo, siipha nambala yokhazikika, motero mkaka wolowa ndi mabakiteriya mamiliyoni umatulukanso ndi otsala ambiri kuposa wolowa ndi zikwi. Komanso mkaka wosatenthetsa ukakhalitsa m'thanki, mabakiteriya okonda kuzizira amatulutsa michere yogaya mafuta ndi mapuloteni. Iwo amafa pa madigiri 72, koma michere yawoyo siifa, ndipo imapitiriza kuwawitsa mkaka uli kale m'pepala.

A fakitale ali ndi njira yodziwira ngati kutentha kunakwana. Mu mkaka wosaphika muli mchere wachilengedwe wotchedwa fosifatezi, womwe umawonongeka pa kutentha koposa pang'ono kumene kumapha kachilombo ka chifuwa chachikulu. Kuyambira m'ma 1930, pamene Kay ndi Graham a ku Britain anakonza kayezedwe kake, woyeza akapeza fosifatezi mu mkaka wotuluka amadziwa kuti kutentha kunaperewera kapena mkaka wosaphika wasakanikirana ndi wophika. Makina amasiku ano alinso ndi kachitseko komwe kamabweza kokha mkaka ngati sunafike pa madigiri 72.

Ulendo wa pepala limodzi

Tsopano titsate pepala limodzi la theka la lita kuchoka ku Blantyre kupita kwa Kanduku, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kudzera ku Lunzu, Lirangwe ndi pa mlatho wa Zalewa, n'kukhotera msewu wa ku Mwanza. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo, koma akuyenderana ndi mmene mabakiteriya amakulira.

Tinene kuti mkakawo watuluka ndi mabakiteriya 1,000 pa mililita. M'pepala lonse muli 500,000. Nambalayi ikumveka yoopsa, koma munthu wathanzi atamwa pepala lonselo palibe chingamuchitikire. Chambiko chabwino chimakhala ndi mabakiteriya mamiliyoni mazanamazana pa mililita imodzi, ndipo timachimwa mokondwa. Chofunika ndi mtundu wake, ndiponso ngati wapatsidwa mpata woswana.

Pepalalo likakhala m'firiji ya madigiri 4 ulendo wonse, ambiri mwa 1,000 aja amangokhala duu. Amene amayenda ndi ena ochepa okonda kuzizira, makamaka Pseudomonas, omwe kawirikawiri salowa kuchokera ku khola koma pa makina othirira m'mapepala, kutentha kutadutsa kale. Tinene kuti alipo 10 pa mililita, ndipo amawirikiza kawiri pa maola 8 alionse. Kuti afike pa mamiliyoni 10, pomwe mphuno ndi lilime zimayamba kuzindikira kuti mkaka wawonongeka, ayenera kuwirikiza ka 20. Amenewo ndi maola 160, pafupifupi sabata imodzi. Tsiku lolembedwa pa pepala lija limachokera pa masamu otere, ndipo limagwira ntchito pokhapokha kuzizira kusanadukepo.

Tsopano tinene kuti ndi mwezi wa Okutobala, wamalonda wagula mapepala m'tauni, wawaika m'katoni pansi pa mpando wa minibasi, ndipo kuchigwa cha Shire dzuwa lafika madigiri 30 kapena kuposa. Pepala laling'ono silichedwa kufunda. Pa kutentha kumeneko mabakiteriya ambiri, akangozolowera kwa ola limodzi kapena awiri, amawirikiza pa theka la ola lililonse. Aja 1,000 amakhala 32,000 pakatha maola awiri ndi theka, miliyoni imodzi pakatha maola 5, ndi mamiliyoni 16 pakatha maola 7. Ntchito imene m'firiji imatenga sabata yatha dzuwa lisanalowe.

Wamalondayo akafika pa golosale n'kuwaika m'firiji, mapepala azizira ndithu, ndipo wogula akawagwira amva kuzizira. Koma firiji siipha mabakiteriya, imangowachedwetsa. Amene anaswana panjira ali momwemo. N'chimodzimodzi magetsi akathima. Anthu sanaiwale zimene zinachitika namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pamene magetsi ankathima maola ambiri kwa chaka chathunthu ndi kupitirira. Firiji yomwe ikuzizira usiku n'kufunda masana imadya masiku a mkaka mwakachetechete, tsiku la pa pepala likadali kutali.

Pamene totsalato timadwalitsa

Kawirikawiri mapeto a ulendo woterewu ndi kuluza ndalama chabe, chifukwa mkaka umanunkha munthu asanaumwe. Koma pali njira zitatu zimene mkaka wotenthetsedwa ungadwalitsire munthu.

Yoyamba ndi Bacillus cereus, mmodzi wa aja ogona m'njere. Akamera n'kufika pa 100,000 kapena kuposa pa mililita, amatha kuyambitsa kutsegula m'mimba kapena kusanza. Poizoni wake wosanzitsa saphedwa ndi moto, motero kuwiritsanso mkaka womwe wawonongeka kale sikuupulumutsa. Chimodzimodzi mkaka wowiritsa madzulo n'kuusiya m'poto usiku wonse pamalo otentha: njere zija zimakhala zadzuka, ndipo zilibe wopikisana nazo.

Yachiwiri ndi uve wolowa pambuyo pa kutenthetsa. Mu 1985, kufupi ndi Chicago komwe kunayambira lamulo lija, fakitale ina yaikulu inatulutsa mkaka wotenthetsedwa wokhala ndi Salmonella, ndipo anthu oposa 16,000 anatsimikizika kuti anadwala. Ofufuza anakayikira kwambiri mapaipi omwe akanatha kulola mkaka wosaphika kukumana ndi wophika. Pakhomo zimenezi zimachitika m'njira yaing'ono: lumo kapena mano otsegulira pepala, jagi yosatsuka bwino, kapu yotapira. Listeria ikalowa motere imakula ngakhale m'firiji, ndipo amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi amayi oyembekezera, makanda, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika.

Yachitatu ndi poizoni wopangidwa mkaka usanatenthetsedwe. Mu 2000 ku Japan, magetsi anathima kwa maola atatu pa fakitale ya Snow Brand ku Hokkaido, mkaka unakhala m'mapaipi uli wofunda, ndipo Staphylococcus aureus anaswana n'kusiyamo poizoni. Mabakiteriyawo anafa pa kutenthetsa, koma poizoni anatsala mu ufa wa mkaka, n'kudwalitsa anthu oposa 13,000, ambiri a ku Osaka ndi madera ozungulira. Staphylococcus yemweyu ndi amene kawirikawiri amatupitsa mabere a ng'ombe, n'chifukwa chake mkaka wa ng'ombe yodwala bere suyenera kupita ku gulu. Zotsalira za mankhwala obaya ng'ombe ndi poizoni wa chuku wochokera mu gaga wovunda nazonso zimadutsa pa madigiri 72 osasintha kwenikweni.

Mkaka wokhalitsa, ndi zoyenera kuchita

M'magolosale a ku Mwanza ndi m'midzi yozungulira, mkaka wamadzi umene umaikidwa poyera pa shelefu ndi wa mtundu wina, uja wolembedwa UHT. Umenewu amaufikitsa pa madigiri 135 kapena kuposa kwa masekondi ochepa, kutentha komwe kumapha ngakhale njere zija, n'kuuthira m'mapaketi opanda tizilombo, mpweya osalowamo. Njira yopakira motere inayamba kugwira ntchito pa malonda ku Switzerland mu 1961. Ndi mkaka umenewu umene ungakhale miyezi popanda firiji, ndipo ndi chifukwa chake wafala m'madera otentha ndi a magetsi osadalirika. Vuto lake ndi kakomedwe kophika pang'ono. Ukangotsegulidwa, mwayi wake watha, ndipo uyenera kusamalidwa ngati mkaka wina uliwonse. Paketi ya UHT yofufuma kapena yodontha ikusonyeza kuti inabooka penapake, ndipo ndi yotaya.

Wogula ayambe wawerenga cholembedwa pa paketi, chifukwa mitundu iwiriyi imatha kufanana maonekedwe. Wa njira ya Pasteur augule pokhapokha ukuchokera m'firiji yozizira bwino, pepala lili losafufuma, ndipo ngati kunyumba kulibe firiji aumwe kapena kuuphika pasanathe maola awiri. Wokayikitsa akhoza kuyesedwa: kutapa supuni zingapo n'kuwiritsa m'kapoto. Ukagwirana, wawonongeka. Ukapanda kugwirana koma ukuwawa kapena kununkha, wawonongekabe.

Kwa amene amagula mkaka wa m'chigubu kwa mlimi kapena kukama okha, moto wa pa mbaula ndiwo fakitale yawo. Popanda choyezera kutentha palibe amene angadziwe madigiri 63, choncho ndi bwino kuufikitsa powira, uku akutakasa kuti usapserere, kenako kuuziziritsa msanga poika poto wovundikira m'beseni la madzi ozizira. Wofuna chambiko asasiye mkaka wowiritsawo kuti usase wokha, popeza osasitsa aja afa. Audikire ufike pofunda ngati thupi la munthu, athiremo masupuni awiri kapena atatu a chambiko chabwino pa lita imodzi, avundikire, n'kuusiya mpaka ugwirane. Akatero moto wathana ndi chifuwa chachikulu ndi Brucella, ndipo asidi agwira njere zotsala kuti zisamere.